Makalaliki awiri agulitsa thumba limodzi

Akuluakulu, ndithandizeni chonde. Ndinalemba pulogalamu ya makashiya ya sitolo ina ku Kamwala, pa PostgreSQL, mulingo wake Read Committed. Thumba la unga litatsala limodzi, makalaliki awiri anagulitsa nthawi imodzi. Aliyense anawerenga 1 ndi SELECT, pulogalamu inachotsa 1, onse analemba 0. Malisiti awiri, thumba limodzi, kasitomala wina anapita wokwiya. Mnzanga akuti ndilembe chonchi:

```sql
UPDATE stock SET qty = qty - 1
WHERE id = 7 AND qty > 0;
```

Akuti wachiwiri adzadikira loko, kenako sadzasintha mzere uliwonse. Kodi zimenezi zikwanira pamene lisiti lili ndi katundu wambiri? Ndikuopa deadlock. Kapena ndipite ku Serializable, ndizibwereza pakabwera 40001? Inu mumatani m'masitolo mwanu?