Mijigo yanga yathawira ku Mzimba, thandizani

Wa zamadzi: Anzanga ndatopa ine. Ndili ndi mijigo 340 ya ku Lilongwe kumidzi, anyamata analemba makodineti mu madigiri maminitsi masekondi ndiye abwana akufuna madesimali mawa mmawa. Ndagawa ndi Text to Columns, B madigiri C maminitsi D masekondi, ndaika iyi nkukokera mpaka pansi

```
=-B2+C2/60+D2/3600
```

koma ndikaponya mu QGIS mijigo ina ikukagwera ku Mzimba pomwe ina ikuoneka ngati ili bhobho, ndiye chikuvuta nchani kodi

Mkulu wa masaveya: Musanapite patali achimwene, datamu yake ndi iti? Arc 1950 kapena WGS 84?

Mayi wa mamapu: Vuto ndi mainasi yanuyo achimwene, yagwira madigiri okha. Tengani 13°58'30"S. 58 kugawa ndi 60 ndi 0.96667, 30 kugawa ndi 3600 ndi 0.00833, zonse pamodzi 13.975, mainasi ibwere pamapeto, -13.975. Yanuyo ikuchita -13 kuphatikiza 0.975 nkupeza -12.025, mwasuntha mjigo pafupifupi madigiri awiri kumpoto, digiri imodzi ndi makilomita ngati 111 ndiye ndi makilomita oposa 200 amenewo, mpake Mzimba. Ikani mabulaketi

```
=-(B2+C2/60+D2/3600)
```

longichudi musaike mainasi, ife tili kummawa, 33°47'15"E ituluke 33.7875. Ndipo omwe mukuti ali bhobhowo musawakhulupirire. Ngati maminitsi ndi ochepa kulakwa kwakenso kumachepa, 14°02'00" ikupatsani -13.967 mmalo mwa -14.033, pa sikirini zimaoneka ngati zili bwino koma ndi makilomita 7, mjigo uli mmudzi wa eni ake.

Mnyamata wa pa intenishipu: ine ndimangochotsa tizizindikiro nkuika dontho, 13.5830 basi yatheka

Mayi wa mamapu: Ayi mwanawe usadzachitenso. Digiri ili ndi maminitsi 60 osati 100. 13.583 ndi 13.975 zasiyana makilomita oposa 40.

Mkulu wa masaveya: Zonsezo ndamva koma datamu sanayankhe. Mamapu athu akale a 1:50,000 ali pa Arc 1950, jipiyesi ya lero imabwera pa WGS 84, fomula siisintha datamu, mungosintha kalembedwe ka nambala yomweyo koma malo asiyanabe mamita mazana angapo.

Wa zankhalango: Ine zinandionekera chaka china tikulemba malire a nkhalango ya mudzi. Jipiyesi imodzi inali pa hddd°mm.mmm' osadziwa, imaonetsa 58.500 ndiye wolemba mkope anangoti 58'50". Komatu 58.500 ndi maminitsi 58 ndi theka, masekondi 30 osati 50. Masekondi 20 amenewo, sekondi imodzi ndi mamita ngati 31, malire analowa mamita 600 mmunda wa munthu, amfumu anatiitanitsa tinakhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka. Ndiye yang'anani kolamu D, ngati muli 500 kapena 72 kapena chilichonse chofika 60, mzere umenewo si masekondi. Choopsa nchakuti 50 uja sadziulula, mpaka mufunse amene anagwira makinawo.

Wa zamadzi: Mabulaketi athandiza mayi zikomo kwambiri, Mzimba yatha. Koma mizere 26 ikuti #VALUE! ndipo D ili ndi manambala opitirira 60 pa mizere 9, mutu ukuwawa

Mayi wa mamapu: #VALUE! kawirikawiri ndi zizindikiro zotsalira. Olemba pa foni amaika º kapena o wamng'ono mmalo mwa °, ena " wopindika wochokera mu Word, ena S wamamatira ku masekondi. Bwererani ku kolamu yoyamba, Find and Replace chilichonse chikhale sipesi kenako mugawenso. Koyamba sungani kope ya failo ya anyamatawo musaikhudze. Mukamaliza sotani, latichudi ya Malawi ikhale pakati pa -9 ndi -17 ndi pang'ono, longichudi 32 mpaka 36. Madesimali asanu akwana, ndi mita imodzi imeneyo, musadule pa awiri.

Wa zankhalango: komanso QGIS pa Delimited Text pali kabokosi ka DMS coordinates, bwanji osangochonga pamenepo

Mayi wa mamapu: Kamagwira ngati mizere yonse yalembedwa mofanana, apa zasakanikirana. Ndipo posankha X ikani longichudi, mukatembenuza mijigo ikagwera mnyanja kufupi ndi Morocco.

Mkulu wa masaveya: Ndibwerezanso, datamu. Mizere 9 ija mwina anakopera pa lipoti lakale la okumba mijigo, ndiye ndi Arc 1950 imeneyo. Ine ntchito yopanda datamu sindisainira.

Wa zankhalango: Bambo datamu siingapangitse masekondi kufika 500, imeneyo ndi setingi ya makina

Mkulu wa masaveya: Afunse kaye anyamatawo. Kodi jipiyesi zake zinali zingati?