Thandizeni pa aneni okana, makamaka sindinapite ndi sindinapita

Anzanga, ndikuthandiza mwana wa achemwali anga homuweki ya aneni okana ndiye pena pandisokoneza ndithu. Zophweka tadutsa bwinobwino: ndikupita imakhala sindikupita, ndimapita sindimapita kapena sindipita, ndidzapita sindidzapita. Ndamuuzanso kuti si- uja amasintha akakumana ndi u- ndi a-, nchifukwa chake timati sukupita, sakupita, ndipo ukamalamula si- sabwera nkomwe, timati usapite, musadye.

Vuto lili pa nthawi yapitayi. Mwanayu walemba kuti kukana kwa "ndadya" ndi "sindadya", ine khutu langa lakana pompo, palibe amene amayankhula choncho, timati sindinadye, a wakumapeto uja nkusanduka e. Koma nanga "ndinadya dzulo"? Pakamwa panga imatulukanso sindinadye dzulo yomweyo, pomwe ena amalemba sindinadya kapena sindidadye. Ine ndikuona ngati sindinadye imanyamula zonse ziwiri, kuti chinthu sichinachitike komanso kuti sichinachitikebe mpaka pano, ndiye mawu ngati dzulo kapena -be ndi amene amasiyanitsa, koma sindikufuna kumuphunzitsa zolakwika mayeso ali pafupi.

Ziganizo zomwe tatsala nazo ndi izi, tandimalizireni:

Mvula inagwa usiku. Mvula ______ usiku.
Ana afika kale. Ana ______be.
Tinkasewera mpira. ______ mpira.
Ndili ndi buku. ______ buku.

Chomalizachi ndayika ndilibe, poti "sindili ndi buku" ikumveka yachilendo. Koma pa choyambacho aphunzitsi angachonge chiti, sinagwe kapena sinagwa? Amene mumaphunzitsa Chichewa chonde ndiyankheni.