Nkhuku zikafa, mtengo wa thireyi muwerenga bwanji?

Anzanga oweta nkhuku zoikira, ndithandizeni. Ndinayamba ndi nkhuku 500, mwezi uno zafa 10, ndiye kuti 2 pa 100 iliyonse. Tsiku lililonse ndimalemba chakudya chomwe zadya, pafupifupi magalamu 115 nkhuku imodzi, komanso mazira, omwe amakwana 400, mathireyi 13 a mazira 30 ndi otsala 10.

Pomwe ndasokonekera ndi apa. Mtengo wa thireyi ndimaupeza pogawa ndalama za chakudya ndi mathireyi, koma ndalama zomwe ndinalerera nkhuku zakufazo kuyambira zili anapiye sindiziikamo. Kodi inu mumaziwaza pa mathireyi a mwezi womwewo, kapena a nthawi yonse yoikira? Nanga mazira osweka, mumawawerengera limodzi? Ine ndikawachotsa, mtengo umakwera ndithu.