Wiki 1 yanga ikusiyana ndi ya ku ofesi yaikulu, matumba 148 akusowa pa pepala

Chikondi wa ku Lizulu: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndithandizeni mutu waima. Ndatumiza lipoti la wiki 1 ya 2026 la feteleza wobereketsa, shiti yanga ya Excel ikuti tagulitsa matumba 98 koma sisitimu ya ku ofesi yaikulu ikuti 246 pa wiki 1 yomweyo. Amanijala aimba kawiri kale kufunsa kuti 148 enawo ali kuti, ndipo mmene akufunsira mukudziwa kale zomwe akuganiza. Sitoko ndawerenga ndi alonda thumba ndi thumba ili bwinobwino, ndalama zinapita ku banki zonse masilipi ndili nawo. Ndiye vuto lili pati abale

aMbewe Bembeke: Pepa mphwanga. Usanapite patali yang'ana madeti kaye, makompyuta ena ukalemba 4/1/2026 amawerenga 1 Epulo chifukwa anawatchera mwezi kutsogolo. Zinandichitikirapo ine malisiti a sabata yonse anathawira miyezi ina.

Chikondi wa ku Lizulu: Ndaona aMbewe, madeti ali bwino, ndasintha kuti mwezi uzioneka m'mawu ndipo yonse ikuti Jan ndi Dec moyenera

NaPhiri wa akaunti: Chikondi tatiuze fomula imene ili mu kolamu ya wiki, ikopere mmene ililimo. Komanso utipatse matumba a tsiku lililonse kuyambira Lolemba pa 29 Disembala mpaka Lamulungu pa 4 Januwale.

Chikondi wa ku Lizulu: Fomula ndi iyi amayi, ndinaipeza momwemo pomwe ndimayamba ntchito

```
=WEEKNUM(A2)
```

Pa 29 tinagulitsa 46, pa 30 52, pa 31 38. Pa 1 tinatseka. Pa 2 41, Loweruka pa 3 57. Pa 4 tinatsegula masana okha anthu ataweruka ku tchalitchi chifukwa mvula inagwa bwino aliyense amafuna kuthira, anatuluka 12.

Gift Tsangano: Aaa ndaiona! 46 ndi 52 ndi 38 ndi 136. Ndiye kuti sisitimu yawoyo yatenga masiku atatu a Disembala nkuwaponya mu Januwale. Olakwa ndi iwowo osati iwe, auze akonze makina awo. Koma 148 kuchotsa 136 kwatsala 12, amenewo nde sindikudziwa

NaPhiri wa akaunti: 12 wo ndi a Lamulungu lija Gift. 136 kuphatikiza 12 ndi 148 ndendende, palibe thumba lasowa ngakhale limodzi. Koma poti sisitimu yalakwa ayi, sinalakwe, ndipo Chikondi usakanene choncho kwa abwana ungachite manyazi. Inu ndi iwo mukuwerenga masabata mwa njira ziwiri zosiyana, zonse zilipo ndipo zimagwira ntchito.

Gwero lake ndi loti chaka sichigawika bwino m'masabata. Masabata 52 ndi masiku 364, chaka chili ndi 365 kapena 366, ndiye tsiku limodzi kapena awiri amatsalira ndipo 1 Januwale amagwa tsiku losiyana chaka chilichonse. Akagwa pakati pa sabata ngati chaka chino kuti anagwa Lachinayi, sabata imeneyo ili mwendo umodzi chaka chakale mwendo wina chaka chatsopano, ndiye wina ayenera kugamula kuti ndi ya ndani.

`WEEKNUM` ukaisiya yokha chonchi imagamula kuti sabata imayamba Lamulungu, ndipo sabata imene muli 1 Januwale ndiyo wiki 1 ngakhale itakhala ndi tsiku limodzi lokha. Imachita kuidula sabatayo pakati. Kwa iwe yatenga Lachinayi pa 1, Lachisanu pa 2 ndi Loweruka pa 3 basi, masiku atatu, ndiwo 98 ako aja. Pa 29 mpaka 31 yawapatsa wiki 53 ya 2025, pa 4 yawapatsa wiki 2.

Sisitimu ya ku ofesi kwanu ikuoneka kuti ikutsata ISO 8601. Kumeneko sabata imayamba Lolemba kutha Lamulungu ndipo siidulidwa, nthawi zonse ndi masiku 7 athunthu. Wiki 1 ndi sabata imene muli Lachinayi loyamba la chaka. Lachinayi loyamba la 2026 ndi pa 1 pomwepo, ndiye wiki 1 inayamba Lolemba pa 29 Disembala 2025 nkutha pa 4 Januwale. Phatikiza masiku onse 7 upeza 246.

Gift Tsangano: Koma amayi Lachinayi lalowapo bwanji apa? Zikumveka ngati anangotola tsiku mchipewa

NaPhiri wa akaunti: Sanangotola. Werenga pa zala kuyambira Lolemba, Lachinayi lili pakati penipeni, atatu kumbuyo atatu kutsogolo. Ndiye chaka chimene chatenga Lachinayi chatenga masiku osachepera anayi mwa 7, sabatayo ipite kwa amene ali ndi masiku ambiri. Sabata ijayi 2025 inali ndi atatu, 2026 anayi, yapita ku 2026. Njira yachidule imene ine ndimakumbukira nayo ndi yoti 4 Januwale amakhala mu wiki 1 chaka chilichonse, ukapeza pa 4 pa kalendala bwerera m'mbuyo kufika Lolemba, pamenepo ndi poyambira.

Madala Jere: Ine ndimaona ngati nkhani yake ndi ya chaka cha boma, paja anasintha kuti chiziyamba 1 Epulo osati Julayi. Mwina ofesi yanu ikuwerenga kuchokera kumeneko ana inu.

aMbewe Bembeke: Ayi madala, zikanakhala zimenezo Januwale akanakhala cha m'ma wiki 40 uko. Onse awiri akuti wiki 1, akungosiyana pomwe yayambira ndi pomwe yathera.

Madala Jere: Chabwino ndamva. Ife kale timangolemba sabata yothera pa deti yakuti, panalibe zokangana

Esnart wa za deta, Ntcheu boma: Madala musaseke, njira yanuyo ndi imene ine ndinabwerera. Chaka chino Chikondi uli ndi mwayi chifukwa kuyambira pa 5 Januwale manambala ako ndi a ISO azifanana Lolemba mpaka Loweruka, azisiyana Lamulungu lokha. Ine zinandigwera mu 2021 ndikugwira ntchito ya malipoti a sabata ndi sabata a za umoyo. 1 Januwale 2021 linali Lachisanu, ndiye pa ISO masiku a pa 1, 2 ndi 3 anali adakali wiki 53 ya 2020, wiki 1 inayamba pa 4. Koma Excel yanga pa 4 pomwepo imati wiki 2. Ndinakhala ndikulowetsa manambala mu sabata yolakwika mpaka Febuluwale, sabata iliyonse ndili patsogolo ndi imodzi, ndipo palibe chimaoneka cholakwika chifukwa manambala ake anali enieni, anangokhala pa mzere wina. Tinazindikira pomwe wina anafunsa kuti bwanji wiki 1 ilibe kanthu. Kukonza kwake ndinagona mochedwa masiku angapo.

Ndipo konzekani chifukwa 1 Januwale 2027 ndi Lachisanu kachiwiri, zomwezo zibweranso chaka chonse.

aMbewe Bembeke: Ndiye mankhwala ake ndi kungoika 2 kumapeto, `=WEEKNUM(A2,2)`, sabata iziyamba Lolemba. Ine ndimapanga choncho.

NaPhiri wa akaunti: Mwakonza theka aMbewe. 2 yo ikusuntha tsiku loyambira lokha, 12 a Lamulungu aja alowadi mu wiki 1, koma ikudulabe sabata pa 1 Januwale. Chikondi apeza 110 osati 246, ndipo mu 2027 mudzakhalabe patsogolo ndi sabata imodzi ngati zinamuchitikira Esnart. Yoyenera ndi iyi

```
=ISOWEEKNUM(A2)
```

Imeneyi inayamba ndi Excel 2013. Ngati kompyuta ya ku depoti ili ndi 2010 lembani `=WEEKNUM(A2,21)`, zotsatira ndi zomwezo.

Chikondi wa ku Lizulu: Ndaika ISOWEEKNUM ndakokera pansi, pa 29 Disembala yalembadi 1. Koma pivoti yabalalika, wiki 1 ya 2026 ikuti 110 ndipo wiki 1 ya 2025 yakwera ndi 136, chonsecho lipoti limenelo tinatseka chaka chatha

NaPhiri wa akaunti: Eya ndinaiwala kukuchenjeza, msampha wachiwiri ndi umenewo. Kolamu yako ya chaka ili ndi `=YEAR(A2)` eti? Ndiye pa 29 Disembala ikuti chaka 2025 wiki 1, pivoti nkuwaphatikiza ndi Januwale wa chaka chatha. Nambala ya wiki ya ISO imayenda ndi chaka chakechake, chaka cha Lachinayi la sabata imeneyo. Mu kolamu ya chaka ika iyi

```
=YEAR(A2-WEEKDAY(A2,2)+4)
```

Ikungochoka pa deti yako kupita pa Lachinayi la sabata yomweyo nkufunsa kuti ndi chaka chanji. Pa 29 ndi Lolemba, kuchotsa 1 kuphatikiza 4 wafika pa 1 Januwale, ndiye 2026. Ikakana kulowa sintha makoma akhale `;` makompyuta ena amafuna choncho. Ukatha panga `Refresh` pa pivoti.

Chikondi wa ku Lizulu: 246!! Yatuluka amayi, ndipo ya 2025 yabwerera mwakale. Mulungu akudalitseni, mtima unali m'mwamba kuyambira m'mawa

Esnart wa za deta, Ntcheu boma: Potumiza kwa amanijala usangolemba wiki 1, lemba wiki 1 kuyambira 29 Disembala mpaka 4 Januwale, ndi matumba a tsiku lililonse pansi pake aone okha. Ndipo afunse akutsimikizire kuti sisitimu yawo ndi ya ISO, chifukwa palinso kawerengedwe kena ka za umoyo ka ku Amerika komwe sabata imayamba Lamulungu koma wiki 1 ikhale ndi masiku osachepera anayi a chaka chatsopano. Apa manambala agwirizana ndi ISO mpaka thumba lomaliza ndiye sindikukayika, komabe zilembedwe. China, shiti yako ikhale ndi mizere 53, 2026 ili ndi wiki 53 pa ISO chifukwa yayamba Lachinayi, ithera pa 3 Januwale 2027.

Gift Tsangano: Ine pali pomwe sindinagwirizane nazobe. Matumba 136 aja anagulitsidwa mu Disembala, ndalama zinalowa mu Disembala. Lipoti la mwezi ndi la chaka cha 2025 akhalamo, koma la sabata akuti ndi a 2026. Nanga komishoni ya Chikondi ya Disembala awerengera pati? Kwathu kuno amaphatikiza masabata anayi nkuti ndi mwezi

NaPhiri wa akaunti: Pamenepo fomula singathandize Gift. Za mwezi ndi za chaka ziziwerengedwa kuchokera pa madeti, osaphatikiza masabata, chifukwa masabata salowa bwino m'mwezi. Ine kwathu ndinakana zophatikizazo. Koma ngati kampani inagamula kuti komishoni imayenda ndi masabata, 136 wo alipidwa mu Januwale, bola asawerengedwe kawiri kapena kugwera pakati.

Chikondi wa ku Lizulu: Kugwera pakati ndi kumene ndikuopa, lipoti la Disembala ndinatumiza lothera wiki 52 yanga ija, ndiye wiki 53 sinapite kulikonse. Ndiwaimbira mawa m'mawa ndimve kuti aiika mwezi uti