Thandizeni pa mafotoni a leza, ofiira akuchuluka bwanji kuposa obiriwira?

Anzanga a fizikisi tandithandizeniko apa mutu waima. Funso likuti leza yobiriwira ya 5 mW, kutalika kwa funde lake ndi 532 nm, tipeze mphamvu ya fotoni imodzi komanso mafotoni angati akutuluka pa sekondi.

Ine ndayamba ndi E = hc/λ, h ndi 6.626 × 10⁻³⁴ J·s, c ndi 3.00 × 10⁸ m/s, mananomita aja ndawasintha kukhala mamita nde λ yakhala 5.32 × 10⁻⁷ m, kakyuleta yandipatsa 3.74 × 10⁻¹⁹ J. Kenako poti wati imodzi ndi julo imodzi pa sekondi ndangogawa, N = P/E, 0.005 kugawa ndi 3.74 × 10⁻¹⁹, zatuluka mafotoni pafupifupi 1.34 × 10¹⁶ pa sekondi. Mpaka apa zili bhobho kapena?

Chandibalalitsa ndi ichi. Ndayesa leza yofiira ya 650 nm, mawati omwewo, fotoni imodzi yatsika kufika 3.06 × 10⁻¹⁹ J nde mafotoni akwera kufika 1.63 × 10¹⁶. Masamuwo ndikuwamva, fotoni iliyonse ikanyamula zochepa pafunika ambiri kuti 5 mW ikwane, koma nanga bwanji kadontho kobiriwira pakhoma kamawala kwambiri kuposa kofiira chonsecho mafotoni ake ndi ochepa? Ndi diso lathu lomwe limakondera kapena pali china mu fomula?

Chinanso, 5 mW imalembedwa pa kastika ka leza ija ndi ya kuwala kotuluka kapena yomwe ikukokedwa ku batire? Poti ikakhala ya batire ndekuti N yanga yakwera mopitirira.