Menyu yanga ya tsamba limodzi yadzaza ngati kombi ya ku Mbare, ndithandizeni

Mayi wa lesitilanti, Graniteside

Abale anga pagulu pano, moni nonse. Ndili ndi kalesitilanti ka matebulo asanu ndi atatu kuno ku Graniteside mu Harare, makasitomala ambiri ndi anthu a m'mafakitale ndi m'maofesi amene amabwera masana. Menyu yanga ndi pepala limodzi la A4 lokutidwa ndi pulasitiki, ndipo lili ndi mizere 23. Mitengo ndinaindandalika kumanja kuyambira yotsika mpaka yokwera, timadontho tikulumikiza dzina la chakudya ndi mtengo wake.

Vuto ndi ili. Patsiku ndimagulitsa mbale pafupifupi 120, koma 50 mwa izo ndi nsima ya nkhuku ya $3, imene zophikira zake zimandidyera $1.60. Mang'ina, amene anzathu kuno amati mazondo, ndimagulitsa $4 pomwe zophikira ndi $1.50 yokha, koma amatuluka mbale 6 basi. Aliyense amene wawalawa amayamikira. Nyemba ndi $2, zophikira masenti 70. Tibonu, nyama ya ng'ombe ya fupa ija, ndi $6, zophikira $4.20. Ndikufuna kusindikiza menyu ina yoti maso a anthu azigwera pa zimene zimandisiyira kenakake, koma tsambalo lisathinane. Ndiyambire pati?

Ankolo a ku Mufakose

Achemwali, nkhani yatha kale pa manambala anuwo. Nyemba zikukudyerani 35 peresenti ya mtengo wake, tibonu 70 peresenti. Ikani nyemba pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu, tibonu muichotseretu. Ndipo paliponse mwafuna kuti anthu aone, ikani kumtunda cha kumanja, ndi pamene diso limayambira.

Mphunzitsi wa zophika, Belvedere

Ankolo, mwaunika mbali imodzi bwino, koma kubanki sitisungitsa maperesenti, timasungitsa madola. Mbale ya nyemba ikusiya $1.30, nkhuku $1.40, tibonu $1.80, mang'ina $2.50. Munthu amene akanadya tibonu akatembenukira ku nyemba chifukwa cha zilembo zanu zikuluzikuluzo, amayiwa ataya masenti 50 pa mpando umenewo.

Amayi, pepalalo muyambe mwalisiya kaye, mutenge kope. Njira imene timaphunzitsa inachokera kwa Michael Kasavana ndi Donald Smith m'chaka cha 1982, ndipo imafunsa mafunso awiri okha pa chakudya chilichonse: chimasiya ndalama zingati pa mbale, nanga chimatuluka kangati? Pofuna kudziwa ngati chakudya chikuyenda, gawani mbale zonse za patsiku ndi chiwerengero cha zakudya, kenako mutenge 70 peresenti ya yankholo. Mukakhala ndi zakudya 12 ndi mbale 120, gawo la chilichonse ndi mbale 10, ndiye malire ndi 7. Mang'ina anu ali pa 6. Phindu lalikulu, koma sakuyenda. Chakudya chotere ndiye chimafuna malo abwino patsamba. Nkhuku sikufuna thandizo lililonse, anthu adzaipeza ngakhale mutaibisa pakati.

Tsono za mizere 23. Ndikukayika ngati muli ndi zakudya 23 zenizeni. Kodi simunalembe nsima ya nkhuku, mpunga wa nkhuku, tchipisi cha nkhuku, uliwonse mzere wake?

Mayi wa lesitilanti, Graniteside

Aphunzitsi, ngati munaiona. Nkhuku ili katatu, ng'ombe katatu, soseji katatu, ndi zina choncho. Nditawerenga ndiwo zokhazokha zakwana 12.

Mphunzitsi wa zophika, Belvedere

Ndiye mwapeza kale theka la tsamba popanda kuchotsa mphika uliwonse pamoto. Pansi pa dzina la lesitilanti lembani mzere umodzi wonena kuti mbale iliyonse imabwera ndi nsima kapena mpunga ndi ndiwo zamasamba, wofuna tchipisi awonjezere dola. Ikatero ndiwo iliyonse ilembedwe kamodzi.

Pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Siyani sentimita imodzi ndi theka mbali zonse popanda cholemba, chifukwa pulasitiki imayamba kusendeka m'mphepete ndipo zala zamafuta zimagwira pomwepo. Ndiwo 12 zija muzigawe magulu atatu, mwina za mumphika, zowotcha, ndi zopepuka monga nyemba ndi matemba. Gulu lisapitirire mizere isanu. Zakumwa zikhale kamzere kamodzi kapena iwiri pansi penipeni. Maina a zakudya akhale saizi 13 kapena 14, mawu ofotokoza saizi 11, osatsikirapo, poti magetsi akazima mkatimo mumachita mdima ndipo ambiri odya kwa inu si anyamata. Mtundu wa zilembo usapitirire iwiri.

M'gulu lililonse, malo amene anthu amawaona kwambiri ndi mzere woyamba ndi wotsiriza. Za mumphika ziyambe ndi mang'ina, zithere ndi china chosiya ndalama zabwino, nkhuku ikhale pakati. Mang'inawo muwazungulize ndi kabokosi kopyapyala, musiye mpata wa chala chimodzi pamwamba ndi pansi, muwonjezere mawu ochepa oona, monga akuti aphikidwa kuyambira m'mamawa ndipo msuzi wake ndi wolemera. Dzina mulembe limene makasitomala amatchula, mazondo. Bokosilo likhale limodzi patsamba lonse. Mukaika atatu, palibe limene lidzaoneke.

Zoti diso limayambira kumtunda kumanja zimanenedwa kwambiri, Ankolo, koma kafukufuku wa Sybil Yang wa mu 2012, amene anatsata mmene maso a anthu amayendera pa menyu, anapeza kuti ambiri amawerenga ngati buku, kuyambira kumanzere kutsika pansi. Pa tsamba limodzi, ingoikani gulu lofunika koyambirira.

Chachikulu chimene chikukupwetekani ndi timadontho tija ndi mzere wa mitengo kumanja. Munthu amatsetsereka ndi chala pa mitengo, akafika pa 3 amaima, kenako ndi pamene amayang'ana kumanzere kuti aone chimene wagula. Chotsani timadontho, mtengo ubwere pomwe dzina kapena mawu ofotokoza athera, zilembo zake zofanana ndi zinazo, ndipo musandandalike potsata kukwera kwa mtengo.

Mtsikana wa ku Chitungwiza

Amayi ine ndimapanga makeke ndi zokongoletsa za maukwati, menyu ya anthu 120 nditha kukukonzerani bwinobwino, mpunga, saladi ndi nkhuku. Phwandolo ndi liti?

Ankolo a ku Mufakose

Mwana iwe werenga kaye, palibe ukwati pano.

Achimwene osindikiza, Mbare

Zambiri aphunzitsi anena ndikuvomereza, ndimasindikiza mamenyu mlungu uliwonse. Ine ndinamvanso zoti ukachotsa chizindikiro cha dola anthu amagula zambiri. Ndiye lembani 4 basi, osati $4. Komanso muike chithunzi cha mang'ina, anthu amadya ndi maso.

Mphunzitsi wa zophika, Belvedere

Zimenezo zinachokera ku kafukufuku wa ku yunivesite ya Cornell wa mu 2009, ndipo n'zoona kuti kumeneko amene anapatsidwa menyu ya manambala okhaokha anawononga zambiri. Koma kunali ku America, kumene ndalama ndi imodzi. Kuno chiyambire ZiG, ndalama ya Zimbabwe, mu Epulo 2024, munthu akaona 4 yekha angakufunseni kuti 4 wa chiyani. Mukafuna kuchotsa chizindikirocho, pamwamba pakhale mzere woonekera wonena kuti mitengo yonse ndi ya madola a ku America. Ya ZiG muilembe pa bolodi pakauntala pamene mutha kufufuta, isalowe mu pulasitiki. Ndipo musatengeke ndi mitengo ya 3.99 imene mumaona kunja. Chenji cha masenti mudzachitenga kuti? Madola athunthu ndiwo amayenda.

Za chithunzi ine sindikugwirizana nazo. Mang'ina ndi okoma mkamwa koma pa chithunzi cha foni chosindikizidwa pa makina wamba amaoneka abulauni, mafupa okhaokha.

Achimwene osindikiza, Mbare

Apo ndiye ayi aphunzitsi. Chithunzi chimodzi chojambulidwa panja masana, mbale yoyera, masamba obiriwira a kovo pambali, chimagulitsa. Choipa ndi kudzaza tizithunzi khumi totengedwa pa intaneti. Ndaona kasitomala akubweza mbale akuti siyikufanana ndi ya pa pepala. Chinanso amayi, musanalipire pulasitiki, sindikizani limodzi lakuda ndi loyera, muliike patebulo lakumdima kwambiri, mupatse munthu wachikulire awerenge ataima. Akalibweretsa pafupi ndi mphuno, zilembo zachepa.

Gogo wophika, Highfield

Ana inu mukukamba za pepala, ine ndikambe za mphika. Ndaphika mazondo zaka zambiri. Amafuna maola anayi kapena asanu pamoto kuti afewe. Mwana wanga, mu $1.50 imeneyo gasi kapena nkhuni waziwerengera? Nanga mphika wako umatulutsa mbale zingati? Ukawaika mu bokosi lokongolalo anthu n'kuwakonda, ikamakwana wani koloko atha, amene wabwera mochedwa amve kuti kulibe, mawa sabweranso. Ine ndinataya madalaivala a magalimoto akuluakulu motero.

Mayi wa lesitilanti, Graniteside

Agogo zikomo. Gasi sindinamuwerengere. Ndayerekeza tsopano, akuwonjezera masenti 40 pa mbale, ndiye mang'ina akusiya $2.10. Mphika umene ndili nawo umatulutsa mbale 18.

Mphunzitsi wa zophika, Belvedere

Agogo anena zofunika kuposa zonse ndanena ine. Komabe $2.10 ikuposa $1.40 ya nkhuku ndi masenti 70, ndipo nkhukuyo nayonso muichotsere gasi wake kuti muyerekeze mwachilungamo. Anthu 10 akachoka pa nkhuku kupita ku mang'ina, ndi $7 patsiku, pa masiku 26 ndi $182. Mwafika mbale 16, mphika ukadali wokwana. Kupitirira apo mufunika mphika wachiwiri, ndipo ndi nkhani ina. Mu bokosimo mutha kulemba kuti amapezeka mpaka atatha, anthu adziwiretu.

Kuti mudziwe ngati menyu yagwira ntchito, musasinthe mitengo nthawi imodzi ndi kaonekedwe ka tsamba, apo ayi simudzadziwa chimene chasuntha anthu. Lembani mbale za chakudya chilichonse kwa milungu iwiri ndi menyu yakale, milungu iwiri ndi yatsopano, ndipo muonetsetse kuti mbali zonse zili ndi masiku ofanana a kumapeto kwa mwezi, chifukwa anthu akalandira malipiro tibonu imayenda yokha. Muyang'anenso kumene odya mang'ina atsopanowo achokera. Ngati nkhuku yatsika, mwapindula. Ngati yatsika ndi tibonu, kusiyana kwake ndi masenti 30 okha.

Ankolo a ku Mufakose

Chabwino, za maperesenti ndagonja. Koma anthu a ku Graniteside ali ndi mphindi 30 zokha za nkhomaliro. Ndani amawerenga pepala? Amalowa, amasuzumira m'miphika, amaloza. Mtsikana wa pakauntala akangoti lero mazondo alipo, wagulitsa kuposa bokosi lanulo.

Mayi wa lesitilanti, Graniteside

Ankolo zimenezo n'zoona kwa amene amabwera tsiku ndi tsiku. Koma a m'maofesi amakhala pansi n'kuwerenga, ndipo ena amajambula menyu n'kutumiza kwa anzawo pa WhatsApp kuti aodetse limodzi. Ndiyesa mizere 12, bokosi limodzi, popanda timadontho, chizindikiro cha dola ndichisiya pomwepo. Za chithunzi sindinaganize bwino. Achimwene a ku Mbare, kusindikiza mapepala khumi amitundu ndi pulasitiki yake mumatenga zingati, ndipo mungandipangire awiri oyesera, lina la chithunzi lina lopanda?