Bambo anga alemba wilo m'kope, ndithandizeni kuwerenga ndisanataipe

Membala wobisa dzina:

Adimini ndibiseni dzina chonde. Bambo anga ndi mphunzitsi wopuma, ali ndi zaka 71, ndipo mutu wawo ukugwira bwinobwino. Lamulungu lapitali anandiitanira kuchipinda, n'kutulutsa kope lomwe amasunga pansi pa Baibulo, n'kunena kuti ndikawataipire wilo yawo. Alemba okha ndi bolopeni yofiira ija ankachongera ana. Ndawerenga kanayi, koma nthawi iliyonse ndikumva zosiyana. Mizere yondivuta ndi iyi, dzina ndasintha:

"Nyumba yanga ya ku Machinjiri ndasiyira mkazi wanga kuti azikhalamo ndi ana. Nyumba za lendi theka likhale la mayi awo, zotsalazo ana anga ndi adzukulu agawane mofanana. Puloti ya kuseri ikhale ya Chikondi. Ndalama za ku banki aziyang'anira mwana wanga wamkulu."

Banja lathu lili chonchi. Kwa mayi tinabadwa anayi, koma achimwene athu oyamba anatisiya mu 2019 ndipo anasiya ana atatu. Ine ndili ndi ana awiri, mng'ono wanga mmodzi, mchimwene wathu womaliza alibe. Ku Mulanje kuli achemwali athu omwe bambo anabereka asanakwatire mayi, tonse timawadziwa, nawonso alibe mwana. Palinso mwana wa malemu bambo aang'ono yemwe anakulira pakhomo pathu, ndipo bambo amamuitana kuti mwana wanga mpaka lero. Nyumba za lendi ndi zitseko zitatu, chilichonse K100,000 pamwezi, zili pa puloti imodzi ndi nyumba yaikulu. Sindikufuna kuti tidzadane mawa. Ndiyambire pati?

Bambo a Tadala:

Achemwali musavutike ndi kutaipa. Wilo ya m'kope, ya Chichewa, khoti sililandira. Ikhale ya Chingerezi, yolembedwa ndi loya, yokhala ndi chidindo.

Nachisale:

Ayi Bambo a Tadala, pamenepo mwaphonya. Ndagwira ntchito mu ofesi ya maloya zaka zambiri ndikutaipa ndi kusunga mapepala otere. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 silinena kuti wilo ikhale ya Chingerezi kapena kuti alembe ndi loya. Chofunika n'chakuti ikhale yolembedwa, mwiniwake asaine pamaso pa mboni ziwiri zili pomwepo nthawi imodzi, mbonizo nazo zisaine iye akuona. Komabe upangiri wopita kwa loya ndi wabwino, chifukwa pepala ili, ngakhale litasainidwa bwino, lingayambanitse anthu.

Inu mwafunsa, yambirani pa mawu akuti "ana anga". Pa Chichewa chathu mwana wa mng'ono wako ndi mwana wako, ndiye mnyamata wa bambo aang'onoyo adzanena kuti ali momwemo, ndipo mudzi wonse udzamuikira umboni kuti bambo ankamuitana choncho. Pa lamulo, mwana ndi amene munthu anabereka, kaya m'banja kaya kunja, komanso amene anamutenga kudzera ku khoti kuti akhale wake. Achemwali a ku Mulanje ndi mwana ndithu. Wa bambo aang'ono, ngati sanadutse ku khoti, adzayenera kulimbana kuti aonetse kuti bambo ankatanthauza iyenso. Bambo ali moyo, afunseni: mukati ana anga mukunena anthu anayi kapena asanu? Atchule aliyense dzina lonse monga lilili pa chiphaso cha unzika, ndi ubale wake.

Mawu akuti "adzukulu" nawo ndi otambalala. Ndi ana atatu amasiye okha aja, kapena onse asanu ndi mmodzi? Nanga obadwa wiloyo atasaina kale? Kwinaku ngakhale ana a mlongo wako amatchedwa adzukulu.

Membala wobisa dzina:

Zikomo mayi. Ine ndimaganiza kuti akunena ana a malemu achimwene okha, kuti atenge gawo la bambo awo. Koma mng'ono wanga nditamuwerengera pa foni anati mwana wakenso ndi mdzukulu.

Che Mdoka:

Ine ndimagwira za maakaunti, ndiye ndingokuikirani manambala muone kukula kwa nkhaniyi. Lendi ndi K300,000 pamwezi. Mayi atenga theka, patsala K150,000. Tiyerekeze kuti ana ndi anayi amoyo aja, wa bambo aang'ono tamusiya kaye.

Mukati aliyense alandire mofanana mutu ndi mutu, anthu ndi khumi, ana anayi ndi adzukulu asanu ndi mmodzi, aliyense K15,000. Pamenepo pakhomo panu palowa K45,000 chifukwa muli atatu, pamene achemwali a ku Mulanje ndi mchimwene wanu womaliza angolandira K15,000 aliyense. Mukawerenga monga mukuganizira inuyo, kuti amasiye aime m'malo mwa bambo awo, magawo ndi asanu a K30,000, ndipo amasiye atatuwo agawana gawo limodzi, aliyense K10,000. Wina atha kuwerenganso kuti ana ndi gulu limodzi, adzukulu ndi gulu lina, magulu awiriwo agawane pakati. Zikatero mwana aliyense alandira K18,750, mdzukulu aliyense K12,500.

Mawu ndi omwewo, "agawane mofanana", koma mchimwene wanu womaliza atha kulandira K15,000, K18,750 kapena K30,000. Awonetseni bambo manambalawa pa pepala aloze okha chomwe akufuna.

Nachisale:

Che Mdoka mwaziika poyera. Ndiwonjezepo kuti inu mwawerengera lendi, koma bambo sanalembe kuti theka la ndalama za lendi. Alemba "nyumba za lendi theka". Ngati akunena nyumba zenizenizo, theka la zitseko zitatu ndi chitseko chimodzi ndi theka, ndipo chitseko sichidulidwa pakati. Chachikulu kuposa apo, zonse zili pa puloti imodzi. Ngati pulotiyo ili ndi chikalata chimodzi cha umwini, nyumba yaikulu ndi za lendi ndi malo amodzi pa pepala. Simungasinthe dzina la nyumba yaikulu kupita kwa mayi, za lendi kwa ana khumi, popanda kuyeza ndi kudula pulotiyo mwalamulo, ndipo si puloti iliyonse yomwe imaloledwa kudulidwa. Bambo asankhe: kodi puloti yonse ikhale ya anthu otchulidwa, aliyense ndi gawo lake lolembedwa m'manambala, kapena isagulitsidwe, munthu mmodzi azitolera lendi n'kumagawa? Akasankha chachiwirichi alembe kuti mpaka liti, komanso ndalama zokonzera denga ndi msonkho wa khonsolo zizichoka pati.

Mayi Phiri a ku Area 25:

Mwana wanga, ine chandigwira mtima ndi mzere woyambawo. "Azikhalamo ndi ana." Amuna anga analemba mawu ofanana ndi amenewa. Atamwalira, alamu anga anati nyumba si yanga, ndangopatsidwa pogona, ndipo ndikadzakwatiwanso ndituluke. Mwana wopeza anabwera ndi mkazi wake n'kulowa kuchipinda cha alendo, ati pepala likuti ndi ana. Ndinakhala zaka ziwiri ndikuphika pa mbaula kukhonde m'nyumba yomwe njerwa zake ndinaumba nawo. Tinamaliza ku khoti, ndinakhalabe m'nyumbamo, koma mpaka lero sitiyenderana. Bambo ako alembe poyera ngati nyumbayo ndi ya mayi ako kuti atha kugulitsa kapena kusiyira amene afuna, kapena ngati angokhalamo moyo wawo wonse kenako ipite kwa ana akutiakuti. Ndipo ana okhala nawo ndi ati, poti nonse ndinu akuluakulu?

Gogo Nankhoma:

Kwathu ku Dedza izi sizivuta. Mwini mbumba amakhala pansi ndi akuluakulu n'kugawa. Mapepalawa ndi omwe akusokoneza mabanja.

Che Mdoka:

Agogo, za munda wa makolo kumudzi ndikumvani. Koma nyumba ya m'tauni yomwe munthu anamanga ndi malipiro ake, lamulo la 2011 lija limaika patsogolo mkazi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu.

Alinafe K.:

Palibe amene wafunsa za Chikondi. Alipo mmodzi? Kwathu mayina timabwerezabwereza.

Membala wobisa dzina:

Alinafe mwandidzidzimutsa. Alipo awiri, mng'ono wanga ndi mwana woyamba wa malemu achimwene. Ndipo mapuloti opanda nyumba aliponso awiri: ina yagundana ndi mpanda wathu kuseri, ina bambo amaitchula kuti ya kuseri kwa tchalitchi. Yachiwiriyi anagula kwa munthu, pepala lake ndi kalata ya mgwirizano yomwe amfumu anadinda.

Nachisale:

Ndiye mzere umodziwo uli ndi matanthauzo anayi. Puloti yomwe ili ndi nambala ilembedwe ndi nambala yake monga ilili pa chikalata, musakopere pamtima. Yopanda nambalayo ifotokozedwe moti mlendo atha kukaipeza: mudzi wa amfumu ati, anagula kwa yani, chaka chanji, kukula kwake, wachita malire ndi ndani mbali zonse zinayi, ndipo kalata ya mgwirizano ili pati.

Mzere wa ku banki uli ndi mavuto awiri. "Mwana wamkulu" pobadwa ndi wa ku Mulanje, wamkulu wa m'nyumba mwa mayi anamwalira, wamkulu wotsala mwina ndinu. Ndipo kuyang'anira si kupatsidwa. Ngati bambo akufuna munthuyo akhale woyendetsa chuma, wolipira ngongole ndi kugawa, anene choncho, amutchule dzina, atchulenso wina wolowa m'malo akadzalephera. Kenako anene kuti ndalamazo ndi za yani. Pakusowanso mzere wa chuma chotsala chomwe sichinatchulidwe, monga katundu wa m'nyumba kapena chomwe angagule chaka chamawa, ndi wonena kuti wotchulidwa akadzatsogola kumwalira gawo lake lipite kuti. Popanda mizere imeneyi, chotsalacho chimagawidwa ngati kuti wilo panalibe.

Chomaliza, inu ndinu wolandira nawo. Mboni zikhale anthu osapindula kanthu, ndipo ndikanakonda kuti mawu omaliza bambo akawanene okha kwa loya inu mulibepo, kuti wina asadzati munawalembera.

Bambo a Tadala:

Ndavomera za Chingerezi zija. Koma funso langa ndi ili: ngati mayi anamanga nawo nyumbazo, bambo angagawe zonse ngati zawo okha? Theka akuwapatsalo mwina ndi lawo kale.

Nachisale:

Munthu amagawa chake chokha, pamenepo mwalondola. Koma kuti gawo la mayi ndi lalikulu bwanji zimadalira dzina lomwe lili pa chikalata ndi umboni wa zomwe anaikapo. Limeneli likafunsidwe kwa loya mapepala a puloti ali m'manja, mayi alipo.

Membala wobisa dzina:

Ndabwerako. Madzulo ano ndinakhala ndi bambo pakhonde, ndinawawerengera mafunso anu limodzilimodzi. Akuti Chikondi ndi mdzukulu, puloti ndi ya kuseri kwa tchalitchi, ndipo analoza magawo a K30,000 osazengereza. Nyumba akuti mayi akhalemo moyo wawo wonse, isagulitsidwe. Nditafunsa za mwana wa bambo aang'ono anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ameneyo ndinamulonjeza mng'ono wanga ali m'chipatala." Sananene ngati alowe m'magawo, omwe akhale asanu ndi limodzi a K25,000, kapena apatsidwe puloti ya kumpanda ija. Akuti alankhule kaye ndi mayi. Kope ndawabwezera, sindinataipe. Lachisanu tikukatenga mapepala a puloti kwa achimwene awo komwe anawasungitsa.